Mjeremani anali mkaidi wa nkhondo, anthu a Chilembwe anali "oukira"

Mukaima pa chipilala cha wotchi cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, kufupi ndi Cobbe Barracks, mumaona chikumbutso cha amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Za amene anagwidwa amoyo chipilalacho sichinena. Koma mu 1914 ndi 1915 boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali konkuno, linagwira magulu awiri a adani, ndipo linawasunga mosiyana kwambiri.

Woyamba anagwidwa panyanja. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiombera. Kaputeni wake, Berndt, anatengedwa. Iyeyu sanaimbidwe mlandu, chifukwa pangano la ku Hague la 1907 linkamuteteza. Msilikali wa boma lina akagwidwa sakhala wolakwa pongomenya nkhondo. Amangosungidwa kuti asabwererenso kukamenya. Amakhala m'manja mwa boma, osati mwa msilikali amene wamugwira, amadyetsedwa ngati asilikali a bomalo, ndipo mtendere ukabwera amapita kwawo.

Patangotha miyezi isanu, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anaukira ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya kumeneko. Azimayi ndi ana achizungu amene anawatenga anawamasula osawavulaza. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Otsatira ake amene anagwidwa anaweruzidwa mwachangu, oposa 30 anaphedwa, kuphatikizapo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo mazana anaponyedwa m'ndende. Ena anaomberedwa m'tchire momwe anawapezamo, osaona n'khoti lomwe.

Kusiyanaku kunachokera m'lamulo lenilenilo. Pangano la ku Hague linkafuna kuti gulu lankhondo likhale ndi mtsogoleri woyankhira anthu ake, chizindikiro chooneka patali, zida zonyamulidwa poyera, komanso litsatire malamulo a nkhondo. Koma ngakhale anthu a ku Mbombwe, komwe kunali mishoni ya Chilembwe, akanakwaniritsa zonsezi, sizikanawathandiza. Panganolo linali la nkhondo ya pakati pa mayiko, ndipo pamaso pa Angelezi iwowa anali anthu a Mfumu ya ku Mangalande amene agalukira mfumu yawo. Mfuti ya Mjeremani inali nkhondo, mkondo wa munthu wa ku Chiradzulu unali mlandu wakupha.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kutalika kwa chilangocho. Mkaidi wa nkhondo ukaidi wake umatha ndi nkhondoyo, pomwe wa mlandu amawerenga zaka zimene woweruza watchula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 George Mwase atamangidwa ku ndende ya Zomba, anapezamo Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, ndipo zambiri zimene Mwase analemba za kuukirako anazimva kwa iyeyu. Apo n'kuti nkhondo itatha kale mu 1918, akaidi a Chijeremani atabwerera kwawo kalekale.

Lamulo linasintha, koma mwa pang'onopang'ono. Pangano lachitatu la ku Geneva la 1949 linati mkaidi wa nkhondo akafunsidwa angotchula dzina, udindo, tsiku lobadwa ndi nambala yake ya usilikali basi, ndipo pakakhala chikayiko ngati ndi mkaidi wa nkhondo kapena ayi, asungidwe ngati mkaidi wa nkhondo mpaka bwalo loyenera ligamule. Ndime yachitatu, yomwe ili m'mapangano onse anayi a chaka chimenecho, ndiyo inafika pa nkhondo za m'dziko momwemo. Imaletsa kupha wogwidwa, kumuzunza, kapena kumunyonga popanda chiweruzo cha khoti lokhazikika. Kuombera anthu m'tchire kuja lero kukanakhala kuphwanya ndime imeneyi. Komabe siimupatsa woukira ufulu wa mkaidi wa nkhondo, boma likhoza kumuzenga mlandu ndithu chifukwa chonyamula zida.

Mpaka mu 1977 m'pamene pangano loyamba loonjezera pa mapangano a Geneva linati nkhondo yolimbana ndi utsamunda iwerengedwe ngati ya pakati pa mayiko, kutanthauza kuti omenyera ufulu akagwidwa akhoza kukhala akaidi a nkhondo. Ngakhale pamenepo, kupha munthu wamba m'nyumba mwake ngati muja anaphedwera Livingstone kukanakhalabe mlandu kwa amene anachitawo, koma osati kwa aliyense amene anali m'gululo. Malawi inalowa m'mapangano a Geneva mu 1968, likulu lidakali ku Zomba, ndipo mapangano oonjezera a 1977 inawavomereza mu 1991.