Nthano ya mawu a phatikizo limodzi: m'Chichewa imatheka mpaka pati?

Aphunzitsi a Sitandade 1 ndi a sukulu za mkaka muno mu Blantyre amakonda kufunsa ngati n'zotheka kulembera ana nthano ya Chichewa yomwe mawu ake onse ndi a phatikizo limodzi, monga zilili m'timabuku tina ta Chingerezi. Nthano yotere imatheka pang'ono chabe, ndipo ikatheka simakhala yophweka monga ambiri amaganizira.

Njirayi inabadwira m'Chingerezi. Ku Mangalande, m'chaka cha 1867, munatuluka nkhani ya Robinson Crusoe yolembedwanso m'mawu a phatikizo limodzi, ntchito ya mayi Lucy Aikin amene ankalemba pa dzina loti Mary Godolphin. Kumeneko zimayenda chifukwa mawu otchulira galu, mphaka, bedi, kudya ndi kuthamanga onse ndi a phatikizo limodzi, ndiye wolemba ali ndi nkhokwe yodzaza.

Chichewa sichifuna kuti dzina kapena mneni aime pa mwendo umodzi. Tili nawo masinde a phatikizo limodzi, monga -dya, -mwa, -gwa, -ba, -fa, -pha, -mva ndi -tha, koma yesani kulamula nawo mwana. Simunganene kuti "dya" kapena "mwa". Pakamwa pamatuluka "idya", "imwa". Chilankhulo chimawonjezera chokha i kuti mawuwo akwane maphatikizo awiri. Mawu obwereka nawonso amaona zomwezo. Buku, basi, bedi, kapu ndi tiyi kwawo ndi a phatikizo limodzi, koma atangofika kuno anamera lachiwiri.

Tikasesa zonsezi timatsala ndi magulu awiri. Loyamba ndi timawu tolumikiza ndi toperekeza: ndi, pa, ku, mu, wa, ya, la, za, cha, si. Paokha sitinena kanthu. Lachiwiri ndi mivekero ndi mifuwu: go, khu, phwa, tho, gwa, zii, phee, ha. Apa pokha ndi pamene pali poyambira, ndipo nthano yake imadalira zithunzi. Tsamba loyamba, mtsikana wanyamula mbale ya mazira akugogoda pachitseko: "Go! Go! Go!" Lachiwiri, palibe woyankha: "Zii." Lachitatu, galu watulukira kuseri kwa nyumba: "Hu! Hu!" Lachinayi, mtsikana uja wagwa: "Khu!" Lachisanu, mazira aja: "Phwa!" Lomaliza, agogo atsegula chitseko: "Ha!"

Ana amaseka nayo ndipo lamulo lasungidwa. Koma onani zomwe mwana wapatsidwa kuti awerenge. "Phwa" ali ndi malembo opanda liwu atatu otsatizana, p, h ndi w, asanafike pa a. Mwana amene wangodziwa ma, me, mi, mo, mu amawerenga "amama" mosavuta ngakhale muli maphatikizo atatu, koma pa "phwa" amaima n'kuyang'ana aphunzitsi. M'Chichewa chimene chimalemetsa mawu ndi kuchuluka kwa malembo m'phatikizo, osati kuchuluka kwa maphatikizo. Palinso vuto la "zii" ndi "phee": akulu timangokoka liwu, koma mwana wophunzitsidwa kuti lembo la liwu lililonse ndi phatikizo adzawerenga zi-i, phe-e, ndipo sanalakwe.

Ena pofuna kuzemba vutoli amaduladula mneni n'kulemba "Lu te a ku dya". Musachite zimenezi m'buku. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amafuna kuti "akudya" akhale mawu amodzi, ndipo mwana wozolowera kuona zidutswa amadzalembanso zidutswa pa mayeso, komanso amawerenga modukiza osamva tanthauzo. Kugawa mawu ndi timizere n'kwa pa bolodi pophunzitsa, basi.

Choyenera ndi kusintha lamulo osataya cholinga chake: mawu asapyole maphatikizo awiri, ndipo ambiri mwa maphatikizowo akhale a lembo lopanda liwu limodzi ndi la liwu limodzi, monga ga, lu, te. Masinde aafupi aja apa ndiye amagwira ntchito, chifukwa mukaika wa- kapena ya- patsogolo mumapeza mneni wathunthu: waba, wadya, wagwa, yatha. Aneni olamula monga ima, ona, tola ndi gona nawonso amakwana. Nayi nthano ya masamba asanu ndi limodzi, mzere uliwonse tsamba lake ndi chithunzi chake:

Go go go! Lute uyu.
Agogo ali kuti?
Galu uyo! Waba nyama ya agogo.
Galu, ima!
Khu! Lute wagwa.
Nyama yatha. Galu ali phee.

Muli mawu 24, ndipo palibe tsamba lopyola mawu asanu ndi amodzi. Wowerenga watcheru waona kale kuti "agogo" waphwanya lamulo. Wasiyidwa dala. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa kuti wamkulu amatchulidwa ndi a- waulemu, ndipo kumuphunzitsa kusiya ulemu chifukwa cha kuwerengera maphatikizo n'kutaya chachikulu pofuna chaching'ono. Komanso a-go-go ndi wophweka, ndipo "go go go" wa tsamba loyamba wamukonzera kale njira.

Maphatikizo ovuta m'nthanoyi ndi asanu: nya, khu, gwa, tha ndi phee. Kwa ana a teremu yoyamba achuluka. Alembeni pa bolodi n'kuwayeseza musanatsegule buku, kapena achepetseni, mwachitsanzo posintha mzere womaliza kuti ukhale "Galu uyo, wadya."  Pamenepo mwachotsa tha ndi phee koma mwalowetsa dya, ndiye muziwerengeranso mukasintha chilichonse.

Powerengera maphatikizo, ombani m'manja uku mukutchula mawuwo pang'onopang'ono. Msampha waukulu ndi m woyambirira. Mu "mbuzi" ndi "mvula" m amamatirira ku lembo lotsatira, ndiye maphatikizo ndi awiri: mbu-zi, mvu-la. Koma mu "mkaka", "mlimi" ndi "mtengo" m ndi phatikizo payekha, chifukwa anachokera ku mu-: m-ka-ka. Choncho "Pusi wamwa mkaka" sakulowa m'lamulo lathu, pomwe "Pusi wamwa madzi" akulowa. Njira ina yodziwira ndi kuchulukitsa dzinalo. Ngati m asanduka mi- kapena a-, monga mitengo ndi alimi, ndiye kuti anali phatikizo payekha. Njira yoika dzanja kunsi kwa chibwano pano simathandiza, poti m ameneyu amatchulidwa milomo ili yotseka ndipo chibwano sichitsika.

Musanasindikize kapena kukopera m'makope, yesani nthanoyo pa ana atatu, mmodzimmodzi, ndipo poyamba phimbani chithunzi ndi pepala. Mwana akapunthwa pa mawu oposa atatu mwa 24 aja, nthanoyo yamukulira. Akawerenga bwino mawu oyamba n'kumangoloza ena onse mwamwayi, ndiye kuti akuloweza, sakuwerenga. Muuzeni ayambire tsamba lomaliza kubwerera m'mbuyo ndipo mudzaona. Kenako vundukulani zithunzi n'kufunsa funso limodzi lokha, loti nyama ija yapita kuti. Amene wamva nkhaniyo adzaloza mimba ya galu.