Kugawa malipiro a pachaka ndi 260 n'kudzibera wekha

"Ndinkalandira K18,000,000 pachaka ku Limbe, tsopano andiitana ngati katswiri wa kanthawi kochepa. Ndingogawa ndi masiku 260 ogwira ntchito pachaka kuti ndipeze mtengo wanga wa patsiku?"

Ayi, ngakhale ambiri mu Blantyre muno akhala akuwerengera choncho kwa zaka zambiri. Masamu amenewo amapereka K69,231 patsiku, koma amaiwala kuti wolembedwa ntchito amalipidwabe ali patchuthi kapena akudwala, pomwe katswiri amalipidwa tsiku lokhalo limene wagwira ntchito.

Yambani ndi zimene bwana ankakulipirirani. Onjezerani K1,800,000 ya penshoni, chifukwa lamulo limati olemba ntchito azisonkha 10 peresenti, komanso inshuwalansi ya kuchipatala, tinene kuti K1,200,000. Zonse pamodzi zakwana K21,000,000.

Kenako chepetsani masiku. Pa 260 chotsani 15 a tchuthi cha pachaka ndi pafupifupi 12 a tchuthi cha boma, ndipo patsala 233. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi masiku opanda kontirakiti, amene mumathera mukulemba makalata ofunsira ntchito, kudikira yankho ndi kulondola cheke chochedwa, poti palibe amene amakulipirani. Mukachotsa 53 oterowo, kuphatikizapo masiku amene mwadwala, patsala 180.

Gawani K21,000,000 ndi 180: mtengo wanu ndi pafupifupi K116,700 patsiku, msonkho usanadulidwe.