Tebulo la mu Word likafika mu Excel, bwanji mizere imasokonekera?

Malipoti ambiri a makalabu a alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota amalembedwa mu Word, ndipo olemba amakonda kulumikiza mabokosi kuti tebulo lioneke bwino. Pa pepala limakongoladi. Koma tsiku lomwe mukufuna kuwerengera matumba mu Excel, kukongola kuja kumasanduka ntchito.

Titenge tebulo la makolamu 4: dera, kalabu, mamembala ndi matumba. Dzina loti Malengachanzi lalembedwa kamodzi m'bokosi lolumikizidwa motsika pa makalabu 3, Kanyenda pa makalabu 2. Matumba ndi 120, 85, 64, 97 ndi 46. Pansi pali mzere wa "Zonse pamodzi", womwe mabokosi atatu oyamba alumikizidwa chopingasa, kenako 412. Kuphatikiza mutu wa tebulo, mizere ilipo 7.

Ambiri amaloza chala mabokosi olumikizidwawo, koma amene amayamba kuononga ndi Enter. Ngati m'bokosi la kalabu ina mlembi analemba dzina, n'kudina Enter, n'kulemba mudzi pansi pake, Excel amatenga zimenezo ngati mizere iwiri. Mudzi umakakhala mu mzere wakewake, ndipo mabokosi oyandikana nawo amalumikizidwa okha kuti afanane nawo kutalika. Mukaona mizere 8 pomwe mumayembekeza 7, dziwani kuti ndi zimenezo.

Choncho ntchito iyambire mu Word, pa kope ya lipotilo, osati pa lipoti lenileni. Sankhani tebulo lonse, dinani Ctrl+H. Pa Find what lembani ^p, pa Replace with lembani chizindikiro cha koma ndi kampata, kenako Replace All. Word akafunsa ngati apitirize kufufuza chikalata chonse, yankhani No, apo ayi ndime zonse za lipoti zigundana. Bwerezani ndi ^l, chizindikiro chomwe chimatsala munthu akadina Shift+Enter.

Mzere wa "Zonse pamodzi" uja ine ndimangoufufuta ndisanakope, nditalemba kaye 412 pa kapepala. Mzere umenewu uli ndi mabokosi awiri okha. Mukamata ngati mawu wamba, Excel amawerenga mabokosi kuchokera kumanzere, ndiye 412 amagwera mu kolamu B, pansi pa maina a makalabu. Komanso ukatsala, tsiku lina wina adzauphatikiza ndi matumba enawo n'kupeza 824.

Tsopano kopani tebulo, dinani pa A1 mu Excel, mumate ndi Ctrl+V wamba. Njira imeneyi imabweretsa mabokosi olumikizidwa monga analili, chilichonse mu kolamu yake. Zikadali zosankhidwa, pitani pa Home, tsegulani kamuvi ka pa Merge & Center, dinani Unmerge Cells. Malengachanzi atsala mu A2 mokha, Kanyenda mu A5, pomwe A3, A4 ndi A6 zikhala zopanda kanthu. Musakhumbe kufufuta mabokosi opanda kanthuwo, chifukwa za pansi zikwera, Kanyenda n'kutenga kalabu ya eni ake.

Mipatayo iyenera kudzazidwa. Sankhani A2 mpaka A6, dinani F5, kenako Special, Blanks, OK. Osadina pena paliponse, lembani izi:

```
=A2
```

Malizani ndi Ctrl+Enter, osati Enter yekha. Bokosi lililonse lopanda kanthu litenga zomwe zili pamwamba pake: A3 ndi A4 zikhala Malengachanzi, A6 Kanyenda.

Apa ndi pofunika kusamala. Sankhani kolamu ya dera yokha. Mukasankha tebulo lonse, ndipo kalabu ina sinapereke chiwerengero cha mamembala, Excel aikopera cha kalabu ya pamwamba pake mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse. Ndipo bokosi lina likadumphidwa ngakhale likuoneka lopanda kanthu, muli kampata kosaoneka komwe kachokera mu Word. Dinani Delete pamenepo, muyambirenso.

Zomwe zadzazidwazo akadali mafomula. Mukasanja tebulo ndi Sort zili choncho, fomula iliyonse iyang'ana mnzake watsopano wa pamwamba ndipo madera asinthana. Kopani kolamu A, kenako Paste Special, Values, kuti maina akhazikike. Sort akakana n'kunena kuti "all the merged cells need to be the same size", pali bokosi lina lomwe silinamasulidwe.

Kenako yesani ntchito yanu m'mabokosi awiri apambali:

```
=SUM(D2:D6)
=COUNT(D2:D6)
```

Yoyamba ipereke 412, monga pa kapepala paja, yachiwiri 5. Yachiwiriyo ikapereka 4, nambala imodzi yalowa ngati mawu, mwina mlembi analemba "matumba 64" m'bokosimo. Siivuta kuipeza: manambala enieni amakhala kumanja kwa bokosi, iyo yokha imatsamira kumanzere.