Msinkhu wa mwana usatinamize posankha timu ya sukulu

Teremu yachiwiri ikayamba, pamene masukulu a mu Harare akusankha matimu a mpira opita ku mipikisano ya NAPH ndi NASH, mabungwe a ahedi a masukulu a pulayimale ndi a sekondale, ndimamva mawu amodzimodzi kwa aphunzitsi ngakhalenso makolo: "Uyu ngwamng'ono, adzasewera akakula." Mawu amenewa anditopetsa, chifukwa mwana wouzidwa choncho nthawi zambiri sabwereranso pabwalo, ndipo amene watenga malo ake amakhala kuti wamuposa thupi lokha.

Ana amaikidwa m'magulu potengera chaka chobadwa, choncho wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala amalimbirana malo amodzi ngakhale asiyana pafupifupi chaka chathunthu. Wofufuza Roger Barnsley ndi anzake anaonetsa kale mu 1985 ku Canada kuti osewera hoke osankhidwa ankachuluka obadwa kumayambiriro kwa chaka, ndipo zomwezo zapezeka mu mpira wamiyendo m'mayiko ambiri. Koma chimene chimasokoneza kwambiri ndi kutha msinkhu. Anyamata ambiri amakula mofulumira ali ndi zaka pafupifupi 14, atsikana pafupifupi 12, koma wina amatsogola ndi zaka ziwiri pamene wina amachedwa ndi zaka ziwiri. Motero m'timu imodzi ya ana a zaka 13 mumakhala wina wa mawu a besi ndi wina amene thupi lake likadali la mwana wa Giredi 5.

Pali mnyamata wina wa ku Mufakose mu Harare amene nkhani yake imandipwetekabe. Kusukulu kwawo anasankha timu masana amodzi okha, ana 11 mbali iliyonse pabwalo la akuluakulu, ndipo mpira unkangomudutsa m'mwamba. Ine ndinali nditamuonapo akusewera ndi anzake ochepa pamalo opanikizika: asanalandire mpira ankayamba wacheuka kuona amene ali kumbuyo, ankapatsira ndi miyendo yonse iwiri, ndipo akalandidwa mpira sankaima n'kugwira m'chiuno. Anamusiya n'kutenga mnzake wamtali amene ankangokankhira mpira kutsogolo n'kuthamanga. Patapita zaka zingapo wamtali uja anasiya kukula, anzake anamupeza, ndipo zinaoneka kuti sanaphunzire kupatsira chifukwa kale sankafunika kutero. Wamng'ono uja anatalika ndithu, koma mpira anali atausiya kalekale.

Kusankha mwachilungamo sikufuna zipangizo zodula. Mphunzitsi ayeze kutalika kwa mwana aliyense miyezi itatu iliyonse, ali wosavala nsapato, nthawi yofanana ya m'mawa, n'kulemba pamodzi ndi mwezi wobadwa. Mwana amene akuwonjezera masentimita oposa 7 kapena 8 pachaka ali pakati pa kukula kofulumira. Nthawi imeneyi ena amaoneka ngati miyendo yawasokonekera, ndipo ena amamva ululu pansi pa bondo. Ameneyo amuchepetsere kudumpha ndi kuthamanga kwambiri, osati kumuchotsa. Ana aonedwe akusewera anayi mbali iliyonse, nthawi zina ataikidwa ndi anzawo ofanana matupi osati zaka, ndipo aphunzitsi awiri alembe zimene aona aliyense payekha asanakambirane. Mndandanda usatsekedwe sabata yoyamba. Za kubera zaka sindinena zambiri, kupatula kuti wamkulu mmodzi wolowetsedwa mwachinyengo amathamangitsa ana eni gululo.

Sukulu ikatumiza mwana ku kalabu kapena ku akademe, itumize ndi zolemba zimenezi, kuti kochi wakumeneko asabwereze kusankha ndi maso okha. Kudutsira ku akademe si kwachilendo kuno, pakuti akatswiri a mpira Knowledge Musona ndi Khama Billiat anadutsira ku Aces Youth Soccer Academy. Makolo afunse ngati gululo ndi lolembetsedwa ku ZIFA, bungwe loyendetsa mpira mu Zimbabwe, ndiponso ngati mwanayo amulembetsa m'dzina lake lenileni ndi setifiketi yake yeniyeni yobadwira, chifukwa mbiri ya wosewera imayamba kusungidwa ali ndi zaka 12.

Pamenepa ndi pamene akamberembere amalowerera. Amaima m'mbali mwa bwalo atanyamula foni, amayamikira mwana wamtali yemwe uja, kenako amauza makolo kuti pali mwayi wokayesedwa ku Ulaya bola apereke ndalama ya tikiti ndi ya mapepala sabata yomweyo. Malamulo a FIFA, pa gawo 19, amaletsa kusamutsira kudziko lina wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo kusamuka pa nkhani yosakhudza mpira. Munthu wotere akabwera, muuzeni akuonetseni laisensi yake ya FIFA ndi kalata ya kalabu yoitanayo, ndipo musamupatse pasipoti ya mwana kapena ndalama musanakafunse nokha ku ofesi ya ZIFA.