Maphunziro a ogwira ntchito mosinthana mashifiti

Pamalo amene ntchito siima usana ndi usiku, kaya ndi pachipatala, pafakitale ya shuga kapena pamapampu othirira nzimbe, palibe tsiku limene antchito onse angakhale m'chipinda chimodzi. Komabe ndimaona mabwana akumata chikalata chonena kuti Lachisanu aliyense abwere ku maphunziro, kenako nkudabwa kuti theka la mipando lilibe anthu.

Zaka zapitazo ndinakonzapo maphunziro a kazimitsidwe ka moto pamalo ena ku Chikwawa, ndipo ndinawaika 7 koloko m'mawa kuti oweruka usiku asavutike kubweranso. Anabweradi. Pasanathe theka la ola, bambo wina anali atatsamira khoma, chipewa chili pamaondo, tulo tofa nato. Ameneyu anali atachezera ntchito kuyambira 10 koloko usiku, ndipo njinga yake inali panja kudikira ulendo wakumudzi. Dzina lake linalowa m'kaundula ngati wophunzira, koma sanatolepo kanthu. Cholakwa chinali changa.

Chiyambireni pamenepo ndimayamba ndi masamu. Tiyerekeze kuti muli ndi antchito 36 m'magulu atatu a anthu 12. Ena amalowa 6 koloko m'mawa, ena 2 koloko masana, ena 10 koloko usiku, ndipo maguluwo amasinthana sabata iliyonse. Funso loyamba likhale la kapitawo: ndi anthu angati angachoke nthawi imodzi ntchito osaima? Akanena kuti anayi, ndiye kuti gulu limodzi lifunika maulendo atatu, ndipo magulu onse maulendo asanu ndi anayi. Phunziro lake ndi lomwelo, kungolibwereza.

Musathamangitsane ndi mashifiti onse atatu. Phunzitsani gulu limene lili pa shifiti ya m'mawa basi, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, kuyambira 8 mpaka 10 koloko. Sabata yamawa gulu lina lifika lokha pa shifitiyo, ndipo pakutha masabata atatu onse adutsamo. Kuno kuchigwa nthawi imeneyi ili ndi ubwino wina. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nchalo ndi ku Nsanje kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata masana munthu amangoganiza za madzi akumwa. Kuphunzitsa m'nthawi ya ntchito kumapulumutsanso ndalama, chifukwa lamulo la ntchito la dziko lino limati maola opitirira pa tsiku wamba alipiridwe kamodzi ndi theka, ndipo mukaitana munthu pa tsiku lake lopuma mumlipire kawiri. Ngati pali ena amene amagwira usiku wokhawokha, monga alonda, mphunzitsi ndiye awatsatire kumayambiriro kwa shifiti yawo, mutu usanaleme.

Sabata yachinayi siyani maulendo awiri a otsalira. Otsalira otere sadzalephera kukhalapo. Wina adwala malungo, wina kwagwa maliro, ndipo nyengo ya mvula wokhala kutsidya kwa Shire akhoza kulephera kuwoloka. Koma maulendo awiriwa musawalengeze ngati mwayi wa aliyense. Mukangonena kuti munthu asankhe yekha tsiku lomukomera, masiku oyamba mudzaphunzitsa awiriawiri, lomaliza kudzadza anthu 20, ntchito nkuima. Mukaona zimenezi dziwani kuti vuto lili pa ndandanda yanu.

Nchifukwa chake dzina lililonse liyenera kukhala ndi tsiku lake. Ndandanda imatidwe pamene anthu amasainira polowa, kutatsala masabata awiri, ndipo kapitawo aiwerenge mokweza posinthana shifiti, poti si onse amawerenga zapakhoma. Wofuna kusintha tsiku apeze mnzake wa gulu lomwelo wosinthana naye, nauza kapitawo kutatsala masiku awiri. Nenaninso poyera zifukwa zovomerezeka zojombera, komanso chimene chidzachitike kwa wojomba dala. Ine ndimakonda chotsatira chogwirizana ndi ntchitoyo: amene sanaphunzire za mankhwala opopera asagwire sipuleya mpaka ataphunzira. Za alawansi nenani pachiyambi pomwe ngati ilipo kapena palibe, chifukwa mphekesera yake imathamanga kuposa chikalata.

Kaundula asainidwe polowa ndi potuluka, ndipo aliyense aonetse ndi manja chimene waphunzira, monga kuchotsa pini ya chozimitsira moto ndi kuloza patsinde pa motowo. Ndi anthu anayi zimenezi zimatenga mphindi khumi zokha.

Chomaliza chimene chimaterereka ndi mphunzitsi mwini. Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri amakhala atatopa, nayamba kudumpha zina, moti gulu lomaliza limalandira phunziro lopereweza. Mulembereni mitu yofunika papepala limodzi kuti azichonga ulendo uliwonse, ndipo inu mukakhale nawo pa ulendo woyamba ndi womaliza, pepalalo lili m'manja.