Mu-la-nje, osati Mul-an-je: kadulidwe ka maphatikizo

Makolo ambiri kuno ku Mulanje mukamathandiza ana homuweki ya maphatikizo mumakakamira pamene makonsonanti aunjikana, ngati nj, mbw kapena nkhw, ndiye mumangodula pakati kuti zichepe. Ine monga mphunzitsi zimenezi zimandiwawa chifukwa mwana akazolowera choncho kuwerenga kumamuvuta mpaka Sitandade 4.

Phatikizo lili ndi malo atatu. Pakati pali nyukiliyasi, mtima wake, pomwe liwu limamveka kwambiri ndipo kawirikawiri imakhala vawelo, a e i o u. Makonsonanti obwera vawelo isanafike ndi onseti, otsalira kumapeto vawelo itadutsa ndi koda. Nkhani yagona apa: Chichewa chathu koda sichiifuna, phatikizo limathera pa vawelo basi. Chingerezi ndiye chimailola, n'chifukwa chake mawu oti desk amene tinabwereka kukhala desiki kwawoko ndi phatikizo limodzi lotsekedwa ndi s ndi k, koma ife tinalowetsamo mavawelo mpaka kukhala atatu, de-si-ki.

Ndiye lamulo lake ndi losavuta, dulani vawelo ikangotha, makonsonanti onse otsatirawo apite kutsogolo akakhale onseti ya phatikizo linalo. Titenge nkhwangwa. Mavawelo alipo awiri, ndiye maphatikizo awiri, nkhwa-ngwa. Mwana akalemba nkhwan-gwa wapanga koda yomwe kulibe. Mukakayika dzifunseni ngati gululo lingayambe mawu palokha, ngw amayamba ngwazi, nj amayamba njoka, ndiye palibe chowalekanitsira. Lu-che-nza, Bvu-mbwe, Sa-pi-twa, Thyo-lo, onsewa amayenda momwemo, ndipo th wa Thyolo ndi liwu limodzi ngakhale malembo ali awiri.

Koma pali m wina amene amasokoneza ngakhale aphunzitsi anzanga. Tchulani mbale yodyera nsima, kenako m'bale wanu, pang'onopang'ono uku mukuwomba m'manja. Mbale muwomba kawiri, mba-le, m ndi b zatulukira limodzi. M'bale muwomba katatu, m-ba-le, milomo imatsekeka kaye m n'kumveka yekha b asanabwere, chifukwa kalekale anali mu, u anagwa koma nthawi yake inatsala. Apa m si onseti komanso si koda ayi, iyeyo ndiye nyukiliyasi, phatikizo lathunthu lopanda vawelo.

Kuti mudziwe m wake ndi uti, chulukitsani dzinalo. M'bale akhala abale, mtengo ukhala mitengo, mphunzitsi akhala aphunzitsi, m wasintha kapena wachoka ndiye ndi woima yekha, m-te-ngo, m-phu-nzi-tsi. Koma mbale zikachuluka ndi mbale zomwezo, mphepo chimodzimodzi, m sakusuntha ndiye ali mu onseti, mphe-po. Kuwerenga mavawelo kokha pamenepa kukunamizani, mtengo mupeza awiri pomwe maphatikizo ndi atatu, choncho mwana atchule mokweza kaye asanagwire pensulo.