Ku Joni ndi dzina, ku Amereka ndi chipongwe

Chakumapeto kwa 2023, woimba wa ku South Africa, Tyla, anali atangoyamba kutchuka ku Amereka pomwe kanema wake wakale anafukulidwa pa intaneti. M'kanemayo mtsikanayu ankanena kuti iye ndi "Coloured". Anthu akuda ambiri a ku Amereka zinawanyansa, amvekere mwanayu akudzitukwana yekha, kapena akuchita manyazi kutchedwa wakuda. A kwawo nawo anapsa mtima, nati asiyeni anthu adzitchule monga adzitchulira. Ife kuno tikanangoti mtsikanayo ndi mkaladi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma liwu lomwelo, ukalinena ku Atlanta, anthu amaona ngati wawakumbutsa maliro.

Chodabwitsa n'chakuti liwuli ku Amereka linayamba ngati dzina laulemu, ndipo analisankha ndi eni akewo. Anthu akuda oyamba kukhala mfulu ankadzitcha Aafirika. Richard Allen ndi Absalom Jones atayambitsa bungwe lothandizana ku Philadelphia mu 1787 analitcha Free African Society, ndipo mpingo umene Allen anautsogolera kuyambira 1816 mpaka lero ukutchedwa African Methodist Episcopal. Kenaka kunadzuka gulu la azungu, American Colonization Society, lomwe maganizo ake anali oti munthu wakuda akamasulidwa muukapolo akwezedwe chombo akatulidwe ku Afirika. Dziko la Liberia linabadwa choncho. Apa dzina loti Mwafirika linasanduka msampha. Munthu wobadwira ku Philadelphia, agogo ake manda awo ali komweko, akadzitcha Mwafirika zinkamveka ngati akuvomera kuti kwawo si kuno, mutha kumubweza. Msonkhano wa anthu akuda wa mu 1835 unafika popempha kuti liwulo lichotsedwe pa mayina a mabungwe awo. Patangotha zaka ziwiri, ku New York kunali nyuzipepala yotchedwa The Colored American. Dzinalo linkanena zimene iwo ankafuna kuti zimveke, kuti khungu ndi lina koma dziko ndi lomweli.

Kwa zaka zambiri "colored" linali liwu la anthu odzilemekeza. Asilikali akuda amene anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1863 ankatchedwa nalo. Amayi ophunzira atapanga bungwe lawo mu 1896 analiika pa dzina la bungwelo. Ndipo chilembo C mu dzina la NAACP, bungwe lomenyera ufulu lomwe linayamba mu 1909, chikuimira liwu lomweli.

Chimene chinaliwononga ndi zikwangwani. Mu 1896 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Plessy, linagamula kuti kulekanitsa azungu ndi akuda m'sitima si kulakwa bola onse apatsidwe zofanana. Zofananazo sizinaoneke. Chimene chinaoneka ndi mipopi iwiri ya madzi akumwa pa khoma limodzi, wina wokongola wolembedwa "White", pambali pake kabeseni kadzimbiri kolembedwa "Colored". Zinali choncho pa zimbudzi, pa zipinda zodikirira basi, pa khomo lakumbuyo la malo odyera. Mwana ankaphunzira kuwerenga liwulo asanalowe n'komwe sukulu, chifukwa kulakwitsa khomo kukanamudyetsa zibakera. Liwu limene agogo ake analisankha okha tsopano linkalembedwa ndi dzanja la wina, pofuna kumuuza poti asaponde.

"Negro" linayenda njira yosiyana, linayambira pansi n'kukwera. Mu Chipwitikizi ndi Chisipanishi limangotanthauza chinthu chakuda, ndipo linalowa m'Chingerezi kudzera mwa amalonda a akapolo. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 atsogoleri ngati Booker T. Washington, W. E. B. Du Bois ndi Marcus Garvey, anthu amene ankasemphana pa zambiri, onse analigwiritsa ntchito. Linkamveka ngati dzina la mtundu wa anthu, pomwe "colored" linkangofotokoza maonekedwe, ndipo likanatha kunena Mmwenye kapena Mtchaina.

Nkhondo yaikulu inali pa chilembo chimodzi. Nyuzipepala za azungu zinkalemba Italian, Irish ndi mayina ena a mitundu ndi chilembo chachikulu, koma zikafika pa anthu akuda zinkalemba n wamng'ono, monga momwe ungalembere mbuzi kapena khasu. A NAACP anakhala akulembera makalata akonzi a nyuzipepala kwa zaka, ndipo mu Malichi 1930 nyuzipepala ya New York Times inalengeza kuti iyamba kulemba N wamkulu. Wina atha kuseka kuti anthu akuluakulu ankalimbana ndi kachilembo. Ine sindiseka. Amene analembetsapo chiphaso n'kupeza kalaliki walemba dzina la bambo ake mosasamala amadziwa momwe zimawawira.

Du Bois yemweyo, amene analimbikira za chilembocho, ndiye ananena mawu olemera kwambiri pa nkhani yonseyi. Mu 1928 mnyamata wa ku sekondale anamulembera kalata ku magazini ya The Crisis, kudandaula kuti "Negro" ndi liwu la azungu, lisiyidwe. Du Bois anamuyankha kuti asasokoneze dzina ndi chinthu chenichenicho. Ngati anthu amakunyoza, sasiya kukunyoza chifukwa choti wasintha dzina. Chipongwecho chidzakutsata ku dzina latsopanolo. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene mawuwa amasinthirasinthira. Liwu limakhala ngati mtsuko umene mwasungiramo mowa, ngakhale muutsuke fungo limakanirira. Anthu amagula mtsuko wina, koma ngati akuthiramo mowa womwewo, posachedwa nawonso uyamba kununkha. Katswiri wa zilankhulo Steven Pinker anadzafanizira zimenezi ndi makina othamangirapo aja, oti umathamanga thukuta kamukamu koma uli pamalo amodzi.

Komabe ndikuona kuti Du Bois anangonena theka la nkhaniyi, ndipo zimene zinachitika m'ma 1960 zikuonetsa theka linalo. Mu Ogasiti 1963, Martin Luther King akulankhula ku Washington za maloto ake aja, anatchula "Negro" kambirimbiri, ndipo palibe anakhumudwa. Pasanathe zaka khumi liwulo linali litafa. Silinafe chifukwa cha azungu okha, ngakhale andale ena a kum'mwera ankalitchula molipinda dala kuti limveke ngati mawu otukwana aja oyamba ndi chilembo chomwecho. Linaphedwa ndi achinyamata akuda. Mtsogoleri wina wa akuda, Malcolm X, ankakonda kunena kuti "otchedwa Negro", kusonyeza kuti dzinalo ndi lopatsidwa ndi mbuye wa akapolo. Ndiye mu Juni 1966, ku Greenwood m'chigawo cha Mississippi, mtsogoleri wa achinyamata omenyera ufulu, Stokely Carmichael, atangotuluka m'chitokosi cha apolisi anaimirira pamaso pa khamu n'kufuula "Black Power", kutanthauza mphamvu kwa anthu akuda, khamulo n'kuvomera.

Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo kumutcha munthu "black" kunali kuputa ndewu. Pakati pa akudawo pankakhala kunyozana, woyererako ankadziona ngati ali pamwamba. Achinyamatawa anatola liwu lomwe linali lonyansa kwambiri n'kulivala dala. Sankafuna dzina lofewa. Ankafuna kuonetsa kuti tsopano wotchula dzina ndi iwo. Kuyambira pamenepo "Negro" anakhala munthu wachikale, wogonja, wovula chipewa akaona mzungu. Akuluakulu ambiri zinawapweteka, poti iwo ndiwo anavutikira N wamkulu uja. Dzina silimangosintha chifukwa ladetsedwa ndi adani ayi. Nthawi zina ana amalisintha pofuna kusiyana ndi makolo awo.

Mayina otsatira anabwera popanda phokoso lambiri. Mu Disembala 1988 Jesse Jackson analimbikitsa dzina loti "African American", ponena kuti mitundu ina yonse ku Amereka imatchulidwa ndi dziko limene inachokera. Motero liwu loti Afirika, lija analithawa mu 1835, linabwerera patatha zaka zoposa 150. Mu 2020 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linayamba kulemba "Black" ndi chilembo chachikulu, nkhondo ya 1930 ija yabwereza.

Ku South Africa zinthu zinapita kwina, n'chifukwa chake Tyla ndi omutsutsa sankamvana. Lamulo la 1950 lolembetsa anthu potengera mtundu linaika "Coloured" ngati gulu lapalokha, losiyana ndi azungu komanso ndi akuda. M'gulumo anaunjikamo mbadwa za Akhoi ndi Asan, za akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia, ndi za azungu. Anthu okayikitsa ankawabaya pensulo m'tsitsi kuti aone ngati igwa. Linali dzina la boma latsankho, ndipo omenyera ufulu ambiri ankalikana, a gulu la Steve Biko nati tonse oponderezedwa ndife akuda. Koma lamulolo litathetsedwa mu 1991 dzinalo silinathe. Anthu anali atakhala limodzi m'makomboni a Cape Flats, ali ndi Chiafirikaanzi chawochawo, zakudya zawo, nthabwala zawo. Pa kalembera wa 2022 anthu pafupifupi 5 miliyoni analembedwa m'gulu limeneli. Ena amalinyadira, ena amakonda kutchedwa Akhoisan, ndipo mkanganowo ndi wawo.

Liwu limene linawonongeka kumeneko ndi lina, ndipo ife liyenera kutikhudza. "Bantu" ndi abantu, anthu, liwu lathu lomwe lija. Boma latsankho linalitenga m'malo mwa "Native", n'kulimata pa lamulo la maphunziro onyozeka la 1953, pa unduna woyang'anira ziphaso zoyendera, pa timaiko touma tomwe ankathamangitsirako anthu. Pofika 1978 linali litanunkha kotero kuti boma lomwelo linalichotsa pa dzina la undunawo. Lero katswiri atha kunena za zilankhulo za Chibantu, Chichewa chili m'gulu lomwelo, koma yesani kumuitana munthu choncho m'tekisi ya ku Soweto muone.

Mayina akale samafa onse tsiku limodzi. NAACP sinasinthe chilembo C chija, ndipo bungwe lolipirira ophunzira akuda ku koleji lomwe linayamba mu 1944 likadali ndi N mu dzina lake, ngakhale masiku ano amangoti UNCF. Pa kalembera wa 2000 ku Amereka, fomu inali kale ndi bokosi loti wakuda achongemo, koma anthu oposa 56,000 anatenga cholembera n'kulemba okha kuti "Negro". Chifukwa cha iwowa, amene ofesi ya kalembera inkawaganizira kuti ambiri ndi okalamba, liwulo linasungidwabe pa fomu ya 2010, achinyamata n'kukwiya nalo. Ofesiyo inalengeza mu 2013 kuti ikulichotsa.